Chigongono Changa pa Funso Lachisanu

Nkhani ya ine ndi Suwilanji anthu a ku Nsungwi akuifotokoza mosiyanasiyana, ndipo ambiri akuiphonya. Ena akuti tinakanganirana mnyamata. Dorica, amene timakhala naye mpanda umodzi, akuuza anthu kuti ndinabera Suwilanji buku. Ikanakhala nkhani ya munthu wina bwenzi ine ndili patsogolo kuithira mchere, chifukwa pakamwa panga sipagona chinthu, amayi amati ndinabadwa nditameza wailesi. Koma ndi yanga, ndipo chifukwa cha ine mwana wa eni ake anatsala pang'ono kulephera kulemba mayeso a JC. Ndiye ndiinena mmene inalili, ngakhale malo ena ndikamalemba nkhope ikutentha.

Dzina langa ndine Jacinta, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndinakulira kuno ku Nsungwi, ku Area 25 mu Lilongwe. Chaka chino cha 1996 ndinali Fomu 2 pa sukulu ya masana, ya MCDE, yomwe imabwereka makalasi a pulayimale. Ana akaweruka ife n'kumalowa. Suwilanji ndinkakhala naye desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Kwawo ndi ku Chitipa, bambo ake a Simwaka amagwira ntchito ya fodya ku Kanengo ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Mtsikanayo ndi wofatsa moti mutha kuiwala kuti alipo, koma pa masamu ayi ndithu. Ine ndimalankhula, iye n'kumamvetsera, ndipo chinzake chathu chinkayenda choncho.

Mayeso a moko, aja oyeserera tisanalembe JC yeniyeni, atayandikira, makina opukusa mapepala anawonongeka. Aphunzitsi athu a masamu, a Mkwapatira, anati palibe vuto, alemba mafunso pa mabolodi onyamula aja. Pa bolodi ya kukhoma sakanalemba chifukwa a pulayimale akanafufuta m'mawa mwake. Analemba Lachinayi, mabolodi atatu, n'kuwatsekera m'kachipinda kosungiramo matsache ndi makasu, atawatembenuzira kukhoma. Mayeso anali a Lachitatu sabata yotsatira.

Ine masamu ndinkagwira mchira, ndipo ahedi athu ali ndi chizolowezi choipa, amawerenga malikisi pa asembule kuyambira wotsiriza. Teremu yatha dzina loyamba kutchulidwa linali langa, anyamata mpaka anaimba mluzu. Sindinkafuna zibwerezenso.

Lachisanu titamaliza kusesa, anandipatsa kiyi kuti ndikabweze matsache. Lachisanu ndi tsikunso limene Maxon wojambula zithunzi amabwera pageti ndi njinga yake, kamera ili pakhosi. Maganizo aja sindinganene kuti anachita kundipatsa munthu, anabwera okha. Ndinamuitana Maxon n'kumuuza kuti ndikufuna chithunzi chooneka ngati ndine mphunzitsi, choti nditumize kwa azakhali ku Ntcheu. Ndinatembenuza bolodi imodzi, yokhala ndi mafunso aataliatali, n'kuikokera pakhomo pomwe panali kuwala. Ndinabwerekanso jekete ya mapewa otukuka imene aphunzitsi ena anaiwala pamsomali.

Ndinaima kumanzere kwa bolodi, manja ndili chilendewero ngati msilikali, n'kumuuza kuti ayandikire kuti zolembazo zioneke. Maxon anatsitsa kamera n'kunena kuti iye sajambula anthu oima ngati mtengo wa magetsi, mbiri yake ingaipe.

"Dzanja m'chiuno, sisi. Chibwano m'mwamba. Mphunzitsi amaima modzimva."

Ndinaika dzanja m'chiuno. Ndinamwetuliranso, mano onse panja.

Kenako inali ntchito yodikira, chifukwa Maxon satsukitsa filimu isanathe. Anati mwatsala malo khumi ndi awiri, koma Loweruka ali ndi chinkhoswe ku Kauma, ithera kumeneko. Lolemba anakatsukitsa m'tauni ndipo madzulo ake anandipatsa mu envelopu yakhaki. Ndinakatsegulira kubafa. Chinthu choyamba chimene ndinayang'ana, ndikuuzeni zoona, sichinali bolodi. Ndinadziyang'ana ndekha, ndipo ndinatuluka bwino zedi, jekete ija inandikhala. Kenako ndi pamene ndinaona kuti fulashi yawalitsa kumtunda kwa bolodi, mafunso awiri sakuwerengeka. Lotsala linali lachisanu, la malikisi khumi, lowerengeka bwinobwino kupatula pamene chigongono changa chinaphimba mawu oyambirira a mzere wachitatu.

Funsolo linali m'Chingerezi, koma linkanena izi. Msewu wa pakati pa Lilongwe ndi Kasungu ndi wa makilomita 120. Basi inyamuka ku Lilongwe 8 koloko m'mawa pa liwiro la makilomita 40 pa ola. Apa panali chigongono. Kenako, galimoto inyamuka ku Kasungu kulowera ku Lilongwe pa liwiro la makilomita 60 pa ola. Kodi zikumana nthawi yanji?

Ndinawerenga manambala. 120 alipo, 8 alipo, 40 alipo, 60 alipo. Ndinati zonse zilipo, zimene zaphimbikazo ndi timawu tongokometsera. Kwa ine masamu anali manambala, mawu ndinkawaona ngati pepala lokulungira mandasi.

Chithunzicho sindikanamuonetsa Suwilanji, akanazindikira dzanja la a Mkwapatira, iwo 4 wawo amakhala ngati mpando wogwa. Ndinakopera funsolo pa pepala, pa chigongono paja ndinangolumpha. Lachiwiri m'mawa ndinapita kwawo, n'kumupeza akutsuka mbale, ndipo ndinamuuza kuti msuweni wanga wa ku Ntcheu wanditumizira funso la mayeso akale a kusukulu kwawo. Anasangalala, inu. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti wakhala akudikira tsiku limene ndidzabwere ndi funso la masamu mmalo mwa nkhani za anthu.

Tinakhala pakhonde. Anang'amba pepala mu kope lake n'kujambula mzere, uku Lilongwe uku Kasungu, ndi timivi tiwiri toyang'anizana. Anandiuza kuti funso lotere suyamba ndi kuwonkhetsa, umayamba watenga chiganizo chimodzichimodzi n'kuchifunsa kuti chabweretsa chiyani. Chiganizo cha basi chabweretsa liwiro, cha galimoto chabweretsanso liwiro, cha msewu chabweretsa mtunda wonse. Chimene sitikuchidziwa ndi nthawi, ndiye timachipatsa dzina. Kalasi yonse timalemba t monga amachitira aphunzitsi, koma Suwilanji yekha amalemba n, akuti n ndi nthawi, t samuuza kanthu. A Mkwapatira anachita kutopa nako kumuletsa, mpaka ankangomutchula kuti Mayi N.

Anati mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi. Pomakumana, basi idzakhala itayenda 40n, galimoto 60n, ndipo zidutswa ziwirizo ukazilumikiza zikwane msewu wonse. Ali pafupi kulemba, bolopeni inaima m'malere. Anawerenganso pepala langa n'kundifunsa kuti galimotoyo inanyamuka nthawi yanji, poti funso silikunena.

"Nthawi yomweyo," ndinatero. "8 koloko."

"Watsimikiza? Sunalumphe kanthu pokopera?"

Ndinalumbira. Ndinachita kunyambita chala n'kuloza kumwamba, pakhonde la mkulu wa mpingo.

Analemba 40n + 60n = 120, pansi pake 100n = 120, pansi pake n = 1.2. Anandichenjeza kuti 1.2 si ola limodzi ndi mphindi ziwiri, kapena makumi awiri, chifukwa ola lili ndi mphindi 60, ndiye 0.2 wa ola ndi mphindi 12. Yankho, 9:12. Anayesanso kuti aone ngati zikukwana, basi makilomita 48, galimoto 72, pamodzi 120. Komabe anakwinya nkhope pang'ono, akuti olemba mayeso amakonda mayankho osalala, 9:12 ikuoneka ngati ya munthu wochedwa ku ntchito. Ine ndinaseka n'kupinda pepala lake lija, kuliika m'thumba. Langa lokopera ndinaling'amba panjira.

Ndikanangokhala chete, mwina bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma chinsinsi kwa ine chili ngati nsabwe m'malaya. Ndinauza Dorica yekha, n'kumulumbiritsa. Ndinamubwereka pepala la Suwilanji kuti akopere msanga. Dorica anauza mnzake wa kwaya, wa kwaya anauza chibwenzi chake, ndipo pofika nthawi yoweruka Lachiwiri pepala lija linali litayenda kuposa minibasi ya ku Nsungwi. Silinabwererenso kwa ine. Chokhacho chimene sindinauze munthu ndi cha chithunzi. Dorica atandifunsa kumene lachokera ndinangoti, dzanjalo sukuliona? Ndinkafuna akhulupirire kuti yankho ndi lolondola, basi. Sindinaganize kuti mawu amenewo akagwera pa ndani.

Lachitatu anyamata anayi analowetsa mabolodi m'kalasi. Nditaona funso lachisanu mtima unati phaa kukondwa, ndipo sindinaliwerenge n'komwe. Ndinangotsitsa zimene ndinaloweza, mzere, timivi, 40n, 60n, mpaka 9:12, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Pa mayeso amatikhazika motalikirana, Suwilanji anali kutsogolo chakuzenera. Ndinamuona atayang'ana bolodi nthawi yaitali osalemba. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana padenga ngati ndikuganiza.

Tsiku limenelo sanandidikire poweruka.

Lolemba a Mkwapatira analowa m'kalasi opanda nthabwala zawo zija. Anaika mapepala athu patebulo milu iwiri, n'kunena kuti pa zaka zawo zonse za uphunzitsi sanaonepo anthu khumi ndi anayi akulakwa molingana, mzere ndi mzere, onse ndi n, chilembo chimene iwo sanaphunzitsepo. Anaimika bolodi ija n'kuloza mzere wachitatu ndi ndodo. Pamalo pa chigongono changa panali mawu anayi a Chingerezi, otanthauza kuti patapita theka la ola. Galimoto inanyamuka patapita theka la ola. Analemba ndi mawu, osati manambala.

Anati m'kalasi monse amene anakhoza funsolo ndi atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mwini wake wa n. Anakopera pa bolodi ya kukhoma zimene Suwilanji analemba pa mayeso. Iye n wake anali maola amene galimoto yayenda, ndiye basi, poti inatsogola, yayenda n + ½. Choncho 40(n + ½) + 60n = 120. Ukamasula, 40n + 20 + 60n = 120, ndiye 100n = 100, n = 1. Ola limodzi kuchokera 8:30 pamene galimoto inanyamuka, yankho 9:30. Basi makilomita 60, galimoto 60, akumana pakati penipeni. Yankho losalala lija.

Kenako anatulutsa m'thumba la shati pepala lothimbirira, lopindidwa kangapo, limene woyang'anira mayeso anatola pansi pa desiki ya kumbuyo. Likasa, mmene timatchulira pepala lobera mayeso. Dzanja lake aliyense ankalidziwa.

Suwilanji ndi amene aphunzitsi ankamutuma kukatenga choko ndi dasitala m'kachipinda kaja tsiku lililonse, ndiye kwa ahedi nkhani inali yosavuta. Zoti Lachisanu lina kiyi anagwirapo Jacinta palibe anakumbuka, poti matsache amabweza aliyense. Ife khumi ndi anayi anatifunsa mmodzimmodzi, ndipo aliyense anati pepalalo anangoliona likuyenda. Inenso ndinatero. Suwilanji anamuuza atenge mabuku ake akadikire kunyumba mpaka Lachisanu, pamene komiti ya sukulu idzakhale pansi ndi bambo ake. Ahedi ananeneratu pa asembule kuti wakuba mayeso sadzalemba JC pa sukulu yawo.

A Mkwapatira okha ndi amene chinthu china chinkawavuta. Anafunsa kalasi kuti munthu amene waona bolodi ndi maso ake, munthu wodziwa masamu, angasiye bwanji theka la ola pa likasa n'kulikumbuka pa mayeso.  Pa buleki, pamene timagula zigumu, Dorica anapeza yankho lake. Anati Suwilanji anachita dala, anatipatsa yankho lolakwika kuti iye akhalebe nambala wani. Nkhaniyo inakoma, anthu anaunjikana, ndipo onse anayang'ana ine poti ndine mnzake wa pa desiki, ndiponso nkhani ikafika pokoma amadikira ine kuti ndiimalize.

Ndinati, "Anthu ofatsa ndi oopsa."

Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi pakamwa panga, chigumu chili m'manja. Pofika Lachitatu anali atafika kwa ahedi, ndipo iwo anawatenga ngati umboni wa khalidwe lake.

Lachinayi m'mawa ndinapita kwawo. Ndikanakonda ndilembe kuti ndinapita kukapepesa, koma ndinapita kukafufuza ngati anditchule ku komiti. Ndinapeza amayi ake akuchapa zovala zake zonse, ngakhale za tchalitchi, chikwama chachikulu chili padzuwa. A Simwaka anali atapempha tchuthi ku ntchito, anali pampando ndi Baibulo pamwendo. Atandiona anaimirira, munthu wamkulu ngati uja, n'kundipatsa mpando wawo. Anati chiyambire Lolemba palibe mwana wa sukulu ndi mmodzi yemwe amene waponda pakhomo pawo, ndiye mnzake weniweni wa mwana wawo amudziwa lero. Anandiuza kuti komiti ikagamula mawa, Loweruka amukweza basi ya ku Chitipa akakhale ndi azakhali ake, chifukwa iwo sangamaime kutsogolo kwa mpingo kumalangiza ana a anthu pamene wawo dzina lili m'kamwa mwa Area 25 yonse. Mwana wawo akuti akukana kuti sanabe, koma pepala ndi dzanja lake, iwo atani. Amayi ake anandipatsa tiyi ndi mbatata. Ndinadya. Ndinamaliza zonse, ndinathokozanso.

Suwilanji anandiperekeza mpaka pa mpope wa madzi. Pamenepo anaima.

"Mawu aja unawasiyiranji?"

Ndinayamba zoti msuweni wanga, koma anangondiyang'ana, ndiye ndinasiya. Ndinamuuza zonse, za kiyi, za Maxon, za jekete, za dzanja m'chiuno. Ndinkaganiza kuti pa chigongono paja mwina aseka pang'ono, poti nkhani zanga amaseka nthawi zonse. Sanaseke. Anafunsa ngati chithunzicho ndikadali nacho. Kenako anati iye anawauza kale ahedi kuti funso anamubweretsera ndi mnzake, koma dzina sanatchule, chifukwa pepala lili ndi dzanja lake lokha, akanditchula ine n'kukana adzangoti akufuna womukankhira mlandu, bodza liwonjezeke pa kuba.

"Dzina lako sinditchula, Jacinta. Pakamwa uli napo, Nsungwi yonse ikudziwa."

Anabwerera osatsanzika.

Chithunzi chija ndinkachibisa m'buku la nyimbo la amayi, limene satsegula chifukwa nyimbo zonse anaziloweza. Masana amenewo ndinachitenga n'kupita nacho kuchimbudzi, ndipo ndinaima pamwamba pa dzenje nthawi yaitali mpaka Dorica anagogoda kufunsa ngati ndatsegula m'mimba. Kungochisiya kuti chigwe, nkhani ikanathera pomwepo. Maxon ma negetivu amapereka limodzi ndi chithunzi, anali mu envelopu momwemo. Koma ndinkangoona chikwama chija padzuwa, ndi a Simwaka akuimirira pampando. Ndinachibwezera m'buku. Kusukulu tsiku limenelo ndinakhala chete mpaka anzanga anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Lachisanu komiti inakumana 10 koloko mu ofesi ya ahedi. Ine ndinafika atayamba kale, chifukwa ndinazungulira bwalo la mpira kawiri ndisanalimbe mtima. Ndinagogoda. M'katimo munali ahedi, a Mkwapatira, abambo awiri ndi mayi mmodzi a komiti, a Simwaka atavala jekete ndi tayi, ndi Suwilanji ataima kukhoma manja kumbuyo. Ahedi anati ndidikire panja. Ine, amene ndimatha kufotokoza ukwati wa munthu kuyambira kwa ankhoswe mpaka kotaya mbale, mawu anandithawa. Ndinangoyenda mpaka patebulo, ndinagwada, n'kuika envelopu patsogolo pa a Mkwapatira.

Anatulutsa chithunzi, anavala magalasi, anachiyandikiza kumaso.  Kenako anachipereka kwa ahedi, chala chawo chili pa chigongono. Chinayenda m'manja mwa onse. Mayi wa komiti uja anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, ndipo mmodzi wa abambo aja anafunsa ngati jeketeyo si ya a Phiri ophunzitsa Jogalafe, imene anaisaka sabata yathunthu. Chitafika kwa a Simwaka anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuchiika patebulo mofatsa chozondotsa.

Ndinafotokoza zonse ndili chogwada, mpaka za kulumbira pakhonde. Ahedi sanakhutire msanga. Anati mwina atsikana awiriwa anapangana, wina ajambulitse wina awerengere, ndiye lero wina akudzipereka kuti apulumutse mnzake. A Mkwapatira anapempha kuti bolodi ibwere, poti inali isanafufutidwe. Anyamata awiri anailowetsa n'kuiimika pakhomo. A Mkwapatira anandiuza ndidzuke ndiime mmene ndinaimira pa chithunzi.

Ndinaima kumanzere kwake.

"Dzanja linali pati?"

Ndinaika dzanja m'chiuno, pamaso pa komiti, pamaso pa a Simwaka, anyamata aja akusuzumira pazenera. Chibwano chokha chinakana kukwera. 

A Mkwapatira anauza a komiti awerenge zimene akuona, ndipo bambo mmodzi anawerenga mokweza, n'kulumpha pamene panali mkono wanga, ndendende mmene ndinalumphira ine. Aphunzitsi anaika likasa pambali pa pepala la mayeso la Suwilanji. Anati likasali ndi masamu olondola a funso lodulidwa, ndipo pepala la mayesoli ndi masamu olondola a funso lathunthu. Akanakhala kuti anapangana, mwana amene amalowa m'kachipinda kaja tsiku lililonse akanangotembenuza bolodi n'kuwerenga mawu anayiwo, sakanafunikira kamera. Amene analemba likasali bolodi sanaione, anangoona zimene anamubweretsera.

Kenako anandiuza nditsitse dzanja ndiwerenge zimene ndinaphimba. Ndinawerenga. Anandipatsa choko.

"Theka la ola limenelo, galimoto ili chiimire ku Kasungu, basi ikutani?"

Ndinati ikuyenda.

"Yayenda mtunda wotani?"

 Ndinaganiza kuti ngati pa ola lathunthu imayenda 40, ndiye pa theka ndi 20. Ndinalemba 20. Anafunsa kuti ndiye msewu wotsala kuti awiriwa agawane ndi wotalika bwanji, ndinati 100. Ola lililonse amaudya wotani onse pamodzi, ndinati 40 ndi 60, 100. Ndiye akumana pakapita nthawi yanji. Ola limodzi. Anati 20 ameneyo ndi yemwe uja ali mu mzere wa Suwilanji, 40n + 20 + 60n, sanagwe kumwamba, anachokera m'mawu anayi amene ine ndinawayesa zokometsera. Anati akanakhala wokondwa kuti lero ndakhoza samu, koma malo ake si ano.

Ahedi anafunsa Suwilanji chifukwa chake sananene pa tsiku la mayeso, atangoona kuti funso ndi lomwe lija. Anayankha motsitsa kuti ankadikira kuti mwini wake anene yekha. Anafunsanso ngati n'zoona kuti amafuna anzake alakwe, poti iwo anamva kuti ngakhale mnzake wa pa desiki akuti ndi woopsa. Apa ndinayenera kuyankha ine, kuti mawu amenewo ndinanena ndine, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza pamene ndinkawanena. Suwilanji anali asanamve zimenezo. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo zinandipweteka kuposa za dzanja m'chiuno zija.

Anatitulutsa panja kuti akambirane. Tinaima pakhonde, iye uko ine kuno, ana a Sitandade 2 akuimba matebulo m'kalasi ya pafupi. Atatiitananso anagamula kuti Suwilanji abwerere m'kalasi Lolemba ndipo JC alemba, koma asese ofesi sabata imodzi chifukwa chosaulula. Khumi ndi atatu aja ziro pa pepala lonse ndi kutchetcha bwalo. Ine ziro, masabata awiri kunyumba, dzenje la zinyalala lakuya mpaka m'chiuno, ndipo ndibwere ndi kholo. JC anati ndilemba chifukwa ndabwera ndekha. Maxon anamuletsa kulowanso pageti, ndipo mpaka lero tikakumana pamsika amayang'ana kumbali, iyenso ndinamulakwira.

Potuluka ndinafuna kugwada kwa a Simwaka kuti ndipepese, koma anandigwira paphewa kuti ndisatero. Anati ndachita bwino kubwera, ngakhale ndikanabwera Lolemba mkazi wawo sakanalira masiku anayi. Anatenga chikwama cha mabuku cha mwana wawo n'kuchinyamula okha, ndipo ndinawaona akutuluka pageti, iwo patsogolo iye pambuyo.

Za kunyumba kwathu sindilemba zambiri. Amayi anapita kwa a Simwaka okha atavala chitenje chatsopano, ndipo atabwerako sanandikalipire, anangoti tiyi wa kumeneko iwo sanathe kumwa.

Suwilanji sanapite ku Chitipa. JC tinalemba tonse, ndipo panopa tikudikira zotsatira. Nditabwerera kusukulu ndinapeza atasamukira desiki ya kutsogolo, pafupi ndi tebulo la aphunzitsi, ine anandipatsa Dorica. Ndinamulembera kalata ya masamba atatu, anailandira n'kuthokoza, koma sanayankhe. Sandizemba, ndipo sindinamvepo kuti wandinena kwa munthu. Sabata yatha tinakumana pachigayo, iye ndi thumba lake ine ndi langa, ndipo ndinayamba kumuuza za mchemwali wake wa Dorica amene wathawa ndi kondakitala, nkhani yokoma ndithu. Anandidikira ndimalize chiganizo, kenako anati, "Muli bwanji a Jacinta, kunyumba ali bwanji?" ngati akupereka moni kwa mayi wa ku tchalitchi. Ndinati tili bwino kaya inu. Mzere wake unasuntha, ndipo anakoka thumba lake kupita kutsogolo.